LAMYA YODZIKHUDZA YOKHA: KODI M'GALASI MULI MZUKWA?

Masiku ano kuno kwathu kwa Dzoole, kudzanso m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mabanja ambiri ali ndi lamya ya m'manja, imene ambiri tingoti foni. Zina mwa izo ndi zagalasi, zopanda mabatani, zimene timazilamula pozikhudza ndi chala. Tsono pali nthenda ina imene imagwira lamya zotere ndi kuzunguza eni ake. Lamya ili phee pa tebulo, popanda woigwira, koma mungoona yatsegula uthenga, yalemba malemba opanda tanthauzo, mwinanso yaimbira munthu pakati pa usiku. Azungu anaitcha nthendayi dzina lotanthauza kukhudza kwa mzukwa, ndipo kwathu kuno ena akaona zotere amanong'onezana kuti lamya yalodzedwa.

Nkhaniyi siyoseketsa ai. Lamya yodziimbira yokha imamaliza mayunitsi, imadanitsa mwana ndi makolo ake, ndipo ingathe kutseketsa akaunti ya ndalama ikalakwitsa nambala yachinsinsi kangapo. Nchifukwa chake tifuna kulongosola bwino lomwe chimene chimachitika m'kati mwa galasi, ndi momwe banja lingafufuzire gwero la vutoli lisanataye ndalama kapena mtendere.

Momwe galasi limamvera chala

Tiyambe ndi kuyesa kophweka kumene mwana wa sukulu angachite. Tengani kamtengo kouma, mukhudze nako galasi la lamya, ndipo mukanikize ndithu. Lamya sichita kanthu. Tsono ikhudzeni ndi chala mopepuka, ndipo imvera nthawi yomweyo. Apa tiphunzira kuti galasi silimva kulemera kwa chala, koma limamva magetsi. Thupi la munthu ndi lodzala ndi madzi a mchere, ndipo madzi otere amayendetsa magetsi, pamene mtengo wouma suyendetsa.

Pansi pa galasi limene timakhudza pali ukonde wa timizere topyapyala kwambiri, tosaoneka ndi maso, toyendetsa magetsi. Tina timachokera kumwamba kunka pansi, tina timapingasa, monga momwe nsungwi zimalukirana pa lichero. Pa mphambano iliyonse, pamene kamzere kena kadutsana ndi kanzake, pamasungika kamphamvu kakang'ono ka magetsi. M'kati mwa lamya muli kachipangizo kamene tingakayerekeze ndi mlonda. Mlondayu amayendera mphambano zonse ndi kuyeza mphamvu yake maulendo makumi angapo pa sekondi imodzi, ndipo m'lamya zina maulendo oposa 100. Chala chikayandikira, chimabako pang'ono mphamvu ya pa mphambano zapafupi, ndipo mlonda amanena kuti apa pakhudzidwa.

Nzeru imeneyi siyadzulo. Munthu wina wa ku Mangalande, dzina lake E. A. Johnson, anailongosola m'chaka cha 1965, koma inafala m'matumba a anthu kuyambira m'chaka cha 2007, pamene kampani ya Apple inatulutsa iPhone. Chofunika kugwira ndi ichi: mlonda uja alibe maso. Iye sadziwa chala, adziwa kusintha kwa magetsi kokha. Chinthu chilichonse chimene chingasinthe magetsi pa ukondewo, kaya dontho la madzi, kaya kamzere koduka, kaya phokoso la magetsi lochokera ku chaja, iye adzachiyesa chala. Mzukwa uja ndi umenewu, palibenso wina. Ngakhale lamya zodula zimadwala nthendayi: m'chaka cha 2018 kampani ya Apple inavomera poyera kuti magalasi ena a iPhone X ankachita zinthu osakhudzidwa, ndipo inalonjeza kuwasintha mwaulere.

Zimene zimanamiza mlonda

Choyamba ndi mng'alu. Lamya ikagwa, nthawi zina limang'aluka ndi galasi lapamwamba lokha, ukonde nkutsala wamoyo, ndipo mwini wake amaigwiritsa ntchito miyezi ingapo osaona chovuta. Komatu mng'alu ndi khomo lotseguka. Thukuta, fumbi la m'Okutobala, nkhungu ya m'mawa ya m'Juni ndi chinyontho cha m'dzinja zimalowa pang'onopang'ono mpaka kufika pa timizere. Nchifukwa chake lamya imene inagwa kale ingathe kuyamba misala lero, mwini wake ataiwala zoti inagwa. Nthawi zina mng'alu umadula kamzere kenikeniko. Pamenepo malo onse amene kamzereko kamayang'anira amafa, kapena amayamba kudzikhudza okha, makamaka lamya ikatentha kapena ikapanikizika m'thumba, pakuti mbali ziwiri zodukazo zimagundana ndi kulekana.

Chachiwiri ndi kagalasi kotchinga kamene timamata pamwamba, kamene ogulitsa amati pulotekita. Kabwino kamakhala kopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, ndipo kamamatika ponseponse. Kotsika mtengo nthawi zambiri kamakhala ndi zomatira m'mphepete mokha, kapena kamadulidwira lamya ya mtundu wina, kotero kuti pakati pamatsala mpata. Mu mpatamo mumakhala mpweya, fumbi ndi chinyontho, ndipo kagalasiko kamanyamuka ndi kutsika. Mlonda amaona magetsi akusinthasintha, nayesa kuti chala chafika.

Chachitatu ndi chaja. Chaja chosapangidwa bwino chimatumiza magetsi osayera, ogwedezeka, amene amasokoneza kuyeza kwa mlonda. Vutoli limakula pamene titchaja pa batire ya sola kudzera pa inivetala yotsika mtengo, monga tichitira m'midzi yambiri ndi m'mashopu ometera tsitsi. Pali zinanso ziwiri zosowerapo: batire ya lamya yotupa, imene imakankha galasi kuchokera m'kati, ndi kalamba kolumikiza galasi ndi ubongo wa lamya, kamene kamakhwepa lamya ikagwa.

Kufufuza mwa dongosolo

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Lamulo la kufufuza ndi lakuti tichotse chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira chosalira ndalama, ndipo tikachotsa tiyembekeze mphindi zisanu kapena khumi, lamya itagona pa tebulo louma, galasi likuyaka, wosaigwira. Tikasintha zinthu zitatu nthawi imodzi nthenda nkuleka, sitidzadziwa chimene chinalakwa.

Yambani ndi kuzula chaja. Ngati lamya ikhala bata chikazulidwa, nkuyambanso misala chikabwezeredwa, ndiye kuti galasi lilibe mlandu. Bwerekani chaja china ndi chingwe china, mutchaje pa malo ena, ndipo mudzadziwa ngati cholakwa ndi chaja, chingwe kapena inivetala.

Kenaka vulani chikwama cha labala ngati lamya ili nacho, pakuti chothina chimapanikiza m'mphepete mwa galasi. Zimitsani lamya, muipukute ndi kansalu kofewa kouma, manja anu atasambidwa ndi kuumitsidwa. Poivula, igonekeni pa tebulo losalala ndi kuiyang'ana cha m'mbali. Ngati msana wake watukuka, kapena galasi layamba kunyamuka m'mphepete, batire yatupa. Pamenepo lekani zonse, musaitchajenso, musaikanikize, ndipo musaibaye, pakuti batire yotupa ingathe kuyaka moto. Imeneyo ndi ya kwa wokonza basi.

Chotsatira ndicho kuyang'ana mng'alu kuti mudziwe pamene uli. Ambiri amalira kuti lamya yasweka pamene chasweka ndi chotchinga chokha. Pendeketsani lamya pa kuwala. Mng'alu wa chotchinga umathera m'mphepete mwa chotchingacho, pamene mng'alu wa lamya umapitirira mpaka kumapeto kwa galasi lenileni. Ngati muona banga lakuda longa inki yotayika, kapena mizere ya mitundumitundu, ndiye kuti kuvulala kwafika pa chiwalo choonetsa zithunzi, ndipo palibe kupukuta kumene kungathandize.

Tsono chotsani chotchinga. Lowetsani chikhadabo kapena kakhadi ka pulasitiki pa ngodya, munyamule pang'onopang'ono. Mpeni ndi lumo zisayandikire. Ngati galasi lapansi ndi lophwanyika kwambiri, khalani osamala, pakuti nthawi zina chotchinga ndicho chagwirizira zidutswa, ndipo tizidutswato timabaya zala. Mukachotsa, pukutani, muzimitse lamya ndi kuiyatsanso, kuti mlonda ayambe kuyeza mwatsopano wopanda chotchinga. Nthenda ikalekera pamenepo, mwapulumuka ndi mtengo wa chotchinga chatsopano chokha.

Kuuonetsa poyera mzukwa

Ngati vuto likadalipo, lamya za Android zili ndi njira yoonetsera malo enieni amene zikuyesa kuti zakhudzidwa. Njirayi ndi yobisika, koma siyovuta. Pitani ku Settings, mulowe mu About phone, mupeze mawu akuti Build number, ndi kuwakhudza kasanu ndi kawiri motsatizana. M'lamya zina mawuwa ali m'kati mwa Software information kapena Version. Lamya ingafunse nambala yanu yotsegulira, kenaka padzaoneka chipinda chatsopano, chimene m'lamya zambiri chimapezeka motere:

```
Settings > System > Developer options > Pointer location
```

Mukayatsa Pointer location, paliponse pamene lamya yamva kukhudza pamaoneka mizere iwiri yopingasana, ndipo chala chikayenda chimasiya mkwasa. Pamwamba pa galasi pamabwera kamzere ka manambala. Yang'anani lemba la P: nambala yoyamba pambuyo pake imanena zala zimene lamya ikumva nthawi imeneyo. Popanda woigwira, iyenera kukhala 0. M'chipindachi musasinthe zina zimene simukuzidziwa, ndipo mukamaliza zimitsani chimene munayatsa. Eni lamya za Samsung angathenso kulemba `*#0*#` pa malo oimbira ndi kusankha Touch, ngakhale kuti njirayi sitseguka pa lamya zonse.

Kuwerenga zotsatira kuli motere. Ngati mizere ingobwerera pa malo amodzi, kapena pa mzere umodzi woongoka, makamaka wodutsa pa mng'alu, ndiye kuti ukonde wavulala. Ngati ilumphalumpha ponseponse, ganizirani za chinyontho, chaja kapena kalamba kokhwepa. Kenaka jambulani ndi chala mizere yopingasa pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga mwana wolemba mizere m'kope. Pamene mkwasa uduka kapena ulumpha, pamenepo ndi pamene pafa.

Chotsalira ndi kuchotsa mlandu pa mapulogalamu amene tinaikamo. Pa lamya zambiri, mukagwira batani lozimitsira, kenaka nkukanikiza kwa kanthawi mawu akuti Power off, lamya imakufunsani ngati mufuna Safe mode. M'menemo mapulogalamu onse oikidwa ndi mwini wake amagona. Lamya ikakhala bata, cholakwa ndi pulogalamu, ndipo muyambe kuchotsa imene munaika posachedwa. Ikapitiriza misala, nthenda ili m'thupi mwa lamya. Kuti mutuluke mu Safe mode, ingozimitsani ndi kuyatsanso.

Chitsanzo cha lamya ina

Kuti zimveke bwino, tiyeni titsate lamya ina imene tinaifufuza pamodzi ndi eni ake m'dzinja lapitali. Mwini wake ndi mayi wogulitsa mtedza ndi soya, amene amalandira ndalama zake pa lamya. Lamyayo inagwa pa njinga panjira ya ku Mponela m'mwezi wa Okutobala, ning'aluka kuchokera pa ngodya ya pansi ya kumanzere. Mayiyo anamatitsa chotchinga pa msika pamwamba pa mng'aluwo, ndipo zonse zinayenda bwino kufikira mvula itakhazikika m'Disembala. Pamenepo mayunitsi anayamba kutha usiku, ndipo m'kaundula wa oimbiridwa munkapezeka manambala achilendo. Bambo a m'nyumbamo anakwiyira mwana wawo wamkazi, namuganizira kuti akuimbira anyamata makolo atagona. Mwanayo analira, nati, "Ababa, ine lamya ya amayi sindiigwira usiku." Koma panalibe womukhulupirira.

Chimene tinayamba kuona ndi manambala aja. Onse anali opangidwa ndi 1, 4 ndi 7, nthawi zina ndi kanyenyezi. Mwa iwo munalibe nambala ya munthu. Koma yang'anani pa malo oimbira a lamya yanu: 1, 4, 7 ndi kanyenyezi zili mu mzere umodzi wa kumanzere, mbali yomweyo ya mng'alu. Kunalinso anthu ochepa a m'kaundula wa maina amene anaimbiridwa, ndipo amenewa ndiwo anamaliza mayunitsi. Lamyayo inalibe nambala yotsekera galasi, kotero kuti uthenga uliwonse ukaiyatsa usiku, khomo linali lotseguka.

Titazula chaja, misala inachepa koma siinathe. Pa chaja chobwereka inachepanso chimodzimodzi, ndipo tinadziwa kuti chaja chakale chinkangokuza moto umene unayaka kale. Batire inali yosatupa. Pansi pa chotchinga tinapeza chinyontho ndi fumbi zitatsata mng'alu, ndipo titachotsa ndi kupukuta, lamya inakhala bata masana onse. Mayiyo anakondwa, nayesa kuti nkhani yatha. Koma m'mawa mwake, kutazizira, lamya inayambanso. Titayatsa Pointer location ndi kuigoneka pa tebulo, nambala ya pa P inkasintha yokha kuchoka pa 0 kufika pa 1, nthawi zina pa 2, ndipo mizere yonse inkagwera pa mpata umodzi wotsika, wotalikirana ndi mphepete ya kumanzere ngati kukula kwa chala chimodzi. Pojambula mizere yopingasa, mkwasa unkaduka pa mpata womwewo, pamwamba ndi pansi pomwe. Mu Safe mode zinali chimodzimodzi.

Mlandu unagamulika wokha: kamzere kamodzi ka ukonde kanavulala, chinyontho chinkakadzutsa, ndipo chotchinga ndi chaja zinkangothandizira. Bambo aja anaima chete, akuyang'ana lamya ikudzikhudza yokha pamaso pawo, mwana wawo ali chapatali manja ali kumbuyo. Galasi linakasinthidwa kwa wokonza, chaja chinagulidwa china, ndipo nthendayo siinabwerenso.

Podikira kukonzetsa

Ndalama za galasi latsopano sizipezeka tsiku lomwelo, choncho pali zofunika kuchita podikira. Chachikulu ndi ichi: musatumize ndalama pa lamya yodwala. Kaya ndi Airtel Money kaya ndi Mpamba ya TNM, lamya ingathe kuwonjezera nambala pa ndalama zimene mukutumiza, kusintha nambala ya wolandira, kapena kulakwitsa nambala yachinsinsi mpaka akaunti itatsekedwa. Tulutsani simu khadi, muiike m'lamya ya mabatani, ndipo malonda apitirire mmenemo. Usiku lamya yodwalayo izizimitsidwa, pakuti ikasiyidwa yoyaka imayesa yokha nambala yotsegulira galasi, ndipo ikalakwitsa kangapo imadzitseka kwa kanthawi, nthawiyo nkumatalikirabe.

Pulumutsani zanu mwamsanga, pakuti mng'alu sumabwerera m'mbuyo. Maina, zithunzi ndi makalata a sukulu zisamutsidwire pa memore khadi kapena pa akaunti ya Google, ndipo manambala ofunikitsitsa alembedwe m'kope. Ngati malo akufa akulepheretsani kukhudza pofunika, tembenuzani lamya chopingasa kuti mabatani asunthire pa malo amoyo. Lamya zambiri zimalolanso mbewa ya kompyuta kudzera pa kolumikizira kotchedwa OTG, ngakhale kuti mbewayo siletsa galasi kudzikhudza.

Pali mankhwala ena ofala amene sachiza. Kuyanika lamya pa dzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi moto kumawononga batire ndi zomatira za galasi. Ngati muli chinyontho, izimitseni ndi kuisiya pa mthunzi pamene pakupita mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kuikwirira mu mpunga sikuposa mphepo, ndipo fumbi la mpunga limalowa m'mabowo. Kufufuta zonse, kumene anyamata amati kufulasha, sikulumikiza kamzere koduka. Mudzataya zithunzi zanu, nthenda nkutsala. Ndipo kumata chotchinga pamwamba pa mng'alu kumateteza zala zokha, sikuchiritsa galasi.

Kwa wokonza

Pofika kwa wokonza, kaya pa Mponela, pa Madisi kapena ku Lilongwe, fotokozani zimene mwapeza mwa dongosolo: kuti chaja mwayesa, chotchinga mwachotsa, ndipo kukhudza kukugwera pa mzere wakuti. Wodziwa ntchito yake adzayamba wayang'ana kalamba kolumikiza, pakuti ngati kangokhwepa, kukabwezera ndi ntchito yaing'ono. M'lamya zambiri za masiku ano galasi, ukonde ndi chiwalo choonetsa zithunzi ndi zomatidwa pamodzi, kotero kuti zimasinthidwa zonse ngati chinthu chimodzi, ndipo nchifukwa chake mtengo wake umawawa. Funsani mtengo ntchito isanayambe, pakuti safunsa anadya phula, ndipo ngati upitirira theka la mtengo wa lamya ina yonga yanuyo, khalani pansi muwerengere bwino.

Pemphani kuti galasi latsopano lilumikizidwe ndi kuyesedwa lisanamatidwe. Yatsani Pointer location pomwepo, mujambule mizere yanu, muigoneke mphindi zingapo, ndipo muiyesenso ili pa chaja. Magalasi osinthira ali a magulu osiyana, ndipo otsika kwambiri amabwera ndi nthenda yomweyo kuchokera m'bokosi. Ngati galasi latsopano labwino lichitabe misala, vuto lili m'kati mwenimweni mwa lamya, ndipo nkwabwino kudziwa zimenezi musanalipire. Simu khadi ndi memore khadi zipite nanu kunyumba, ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama siperekedwa kwa wina aliyense, pakuti wokonza galasi saifuna.

Tsono inu achinyamata, amene zala zanu zizolowera zinthu izi kuposa ife akuluakulu, sungani dongosololi pamtima kuti muthandize makolo ndi agogo: chaja, chikwama, batire, chotchinga, kenaka mizere ya pa galasi. Ndipo inu makolo, lamya ikachita zachilendo, musafulumire kuloza chala mwana, mkazi, mwamuna kapena mnansi. Yambani mwaigoneka pa tebulo, banja lonse likuona, ndipo muipatse mphindi khumi kuti inene yokha mlandu wake.